Chifukwa Chachinayi cha a Manejala

Kalata ija ya a manejala inabwera sabata yoyamba ya Novembala, dzuwa likuswa mtengo, malata a fakitale akulira okha ndi kutentha. Nthawi imeneyo ndinali kalaliki pa fakitale ya tiyi ya esiteti ina m'munsi mwa phiri la Mulanje. Ntchito yanga inali kukhala pasikelo, kulandira masamba obwera pathirakitala kuchokera m'minda, ndi kulemba kulemera kwake m'buku. Inali ntchito ya bolopeni, ndipo bolopeniyo ndinkaikoleka pathumba la shati kuti aliyense aziiona. Ndinkavalanso tayi. Palibe amene anandiuza kuti ndizivala tayi, ndipo a manejala enieniwo sankavala.

Ndinali nditakwatira chaka chomwecho, ndipo monga amachitira anthu kuno, ndinakakhala kwawo kwa mkazi ngati mkamwini. Ine ndinakulira ku Limbe m'nyumba ya lendi, komwe munda wathu wonse unali mabeseni awiri a tomato kuseri kwa bafa. Khasu ndinkalidziwa ndithu, koma ngati mmene munthu amadziwira wapolisi: kumuona ndi kumulambalala. Apongozi anga aakazi anali atathyola tiyi pa esiteti yomweyo kuyambira ali mtsikana mpaka msana unawakana. Sukulu sanapiteko. Ine ndi iwo sitinkayang'anana m'maso, sitinkakhala pamphasa imodzi, ndipo tikakumana panjira mmodzi ankapatuka. Anthu amati umenewo ndi ulemu, koma ine ndinkaukonda pa chifukwa china: munthu amene sangakuyang'ane kumaso sangakufunsenso mafunso ambiri.

M'banjamo munali munda umodzi wopanda mwini weniweni, kutsidya kwa kamtsinje. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki unabwerekedwa kwa achibale ena amene anathawira kuno. Nkhondo itatha iwo anabwerera ku Milange, mundawo n'kugonera, udzu n'kufika m'khosi. Kuno malo ndi osowa. Tiyi anatenga konse kwabwino, ndipo anthu amalima mpaka pakhomo pa chimbudzi. Ndiye munda umenewo unali ndi maso ambiri. Atsibweni a mkazi wanga, mlongo wawo wa apongoziwo, amene anali mwini mbumba, anagamula kuti mundawo ukhale wa mkazi wanga chifukwa ndiye anali atangolowa m'banja. Koma anaika mawu. Mvula inachedwa chaka chimenecho, choncho anati adzabwera Lamulungu lachiwiri la Disembala kudzaona. Pamene padzakhale mizere padzakhala pathu. Pamene padzakhale tchire adzapatsa mdzukulu wawo wina, amene mwamuna wake ankalima ngati alibe mafupa.

Ndinayesako Loweruka lina madzulo. Ndinasosa kamalo kokwana kuyalapo mphasa ziwiri, m'manja mwanga n'kutuluka matuza asanu ndi limodzi. Ndinawawerenga. Lolemba ndinalephera kugwira bolopeni bwinobwino, ndipo ndinauza mkazi wanga kuti manja amenewa ndi amene amatidyetsa, tisamasewere nawo. Iye anali ndi pakati pa miyezi inayi. Anangondipaka mafuta.

Kalata ya a manejala inali ya Chingerezi, tsamba limodzi, yotayipa bwino. Ina anaimata pabolodi pafupi ndi geti, ina anandipatsa ine kuti ndiwerengere anthu m'Chichewa. Inkanena kuti kuyambira pa 1 Disembala ndandanda ya ntchito isintha. M'malo mogwira masana okha, tidzagawidwa m'magulu atatu, A, B ndi C. Gulu lina lizilowa sikisi koloko m'mawa n'kuweruka thu koloko, lina thu koloko mpaka teni koloko, lina teni koloko mpaka kucha, ndipo pakatha masabata awiri aliwonse magulu azisinthana. Makalaliki tinali atatu, gulu lililonse wake. Wa masana azilandira masamba, wa usiku aziyeza tiyi wouma wotuluka m'makina.

Pansi pake panali zifukwa, zolembedwa ndi manambala m'mbali. Choyamba, mvula ikagwa masamba amachuluka, ndipo tsamba lothyoledwa silidikira munthu: likafota m'mabedi liyenera kulowa m'makina nthawi yomweyo, apo ayi limatentha n'kuwonongeka, choncho fakitale iziyenda usana ndi usiku. Chachiwiri, dzinja lapitalo anthu ankagwira mashifiti awiri a maola khumi ndi awiri, ena n'kumasinza pafupi ndi makina odula masamba, zimene zikanatha kudula munthu dzanja. Chachitatu, kusinthana mashifiti mwamseri kunkasokoneza ntchito, ndiye aliyense wofuna kusinthana ndi mnzake azisayinitsa kwa kapitawo. Chachinayi, komiti ya antchito inapempha kuti anthu azipeza mpata wolima minda yawo, ndipo kusinthanaku kudzapatsa aliyense masabata okhala ndi m'mawa wake wonse.

Ndinakwera pabokosi la tiyi n'kuwerenga zonsezi mokweza, ndikukonza tayi pakati pa chifukwa ndi chifukwa. Mawu ena ndinkayamba ndawatchula m'Chingerezi kuti anthu adziwe kuti ntchito yomasulirayi si yamasewera. Pa chifukwa chachinayi anthu anaomba m'manja, ine n'kuwerama pang'ono ngati ndalemba ndine. Kenako ndinayang'ana pandandanda. Dzina langa linali m'gulu B, ndipo gulu B linkayamba ndi shifiti ya thu koloko masana. M'mawa wonse, masabata awiri oyamba a Disembala, ndinali mfulu. A manejala anali atandipatsa khasu m'manja popanda kundifunsa.

Njira yonse yobwerera kunyumba ndinali wokwiya. Ndinakwiyira komiti, ndinakwiyira mvula, ndinakwiyiranso anthu a ku Milange aja chifukwa chobwerera kwawo osasiya atapalira. Pofika pakamlatho, mkwiyo uja unali utasanduka nzeru.

Madzulo amenewo ndinapempha mkazi wanga kuti aitane amayi ake, pali uthenga wa kuntchito. Apongozi anakhala pakhonde chakutali, atatembenukira kumbali, ine pampando wanga. Ndinatulutsa kalata, n'kuitambasula kuti ilire. Ndinawerenga za magulu atatu. Ndinawerenga chifukwa choyamba, chachiwiri ndi chachitatu, mwachifatse, ndikupukusa mutu ngati munthu amene zamukhudza. Ndiyeno m'malo mwa chachinayi ndinaikamo changa. Ndinati makalaliki, pokhala anthu ofunika kwambiri, azikhala pafakitale kuyambira sikisi koloko m'mawa mpaka teni koloko usiku, Lolemba mpaka Loweruka. Ndinausa moyo n'kunena kuti nkhani ya munda ija ikundiwawa kwambiri, koma mwini ntchito akalamula, iwe ndiwe yani.

Apongozi anauza mwana wawo kuti awapatsire pepalalo aligwireko. Analigwira ndi manja awiri, nthawi yaitali ndithu, chala chikuyenda m'mphepete. Mumtima ndinaseka, ndikuti amayi awa akufuna kuwerenga Chingerezi lero. Anabweza pepalalo n'kunena kuti amva, Mulungu andipatse mphamvu pa ntchito yolemetsa chotere.

Pa 1 Disembala ndinadzuka kusanache, n'kuvala shati yoyera ndi tayi. Mkazi wanga anali atadzuka kale. Anandimangira zakudya ziwiri m'mbale ziwiri, ina chinangwa chophika cha m'mawa, ina mbatata ndi nandolo za masana, poti munthu wogwira ntchito maola onsewo sangadye kamodzi. Ndinatuluka ndi ulemerero. Nditangokhota pa mpanda wa nthochi m'pamene ndinazindikira chinthu chimene nzeru zanga zinaiwala: munthu amene wanama kuti ali kuntchito ayenera kukhala penapake.

Kufakitale sindikanapita, kapitawo akanandifunsa chimene ndikufuna maola asanu ndi atatu nthawi isanakwane. Kumsika kunali azimayi a m'mudzi mwathu. M'minda ya tiyi munali othyola, theka la iwo achibale a mkazi wanga. Ndinatsala ndi malo amodzi, nkhalango ya bulugama imene esiteti inadzala kuti izipezamo nkhuni za fakitale. Ndinalowa mkati ndithu, ndinapeza chitsa, ndinayalapo mpango, n'kukhala.

Anthu amene sanayesepo kukhala pachitsa kuyambira sikisi koloko mpaka wani koloko sadziwa kutalika kwa tsiku. Ndinadya chinangwa nthawi isanakwane seveni. Ndinawerenga mitengo. Ndinawerenga nyuzi yakale imene anakulungira mbale, mpaka zotsatsa malonda za matayala. Tsiku lachitatu mvula yeniyeni inayamba, ndipo bulugama, kwa amene sadziwa, ndi mtengo wautali wopanda chifundo: masamba ake satchinga kanthu. Ndinkafika pasikelo thu koloko nditanyowa ngati nkhuku, anzanga n'kumadabwa kuti ndachokera kutali bwanji. Tsiku lachisanu ndinakhalira linthumbu. Ndinavula buluku m'nkhalango ya kampani, ndikudumpha ndi tayi yokha ndi shati, ndikudzimenya m'miyendo. Ngakhale pamenepo sindinaganize zosiya. Ndinangosamukira pachitsa china.

Ndikaweruka teni koloko ndinkafika kunyumba nditatopa zenizeni, ndipo kutopa kumeneko kunkandithandiza kukhulupirira bodza langa. Mkazi wanga ankandisiyira madzi osamba otentha. Ndinkaona kuti akuyenda atagwira m'chiuno, ndi kuti zala zake zasanduka zolimba, koma sindinkafunsa. Ndinkadziwa kumene ankakhala m'mawa wonse. Iye ndi amayi ake, wina ndi pakati, wina ndi msana wothyoka, ankalima munda uja awiriwiri. Ndinkadziwa, ndipo ndinkadya nandolo zanga pachitsa.

Lachinayi la sabata yachiwiri kunacha bwino. Ndinali nditavula nsapato, miyendo ndatambasula, ndikudya mbatata, pamene ndinamva tinthambi tikuthyoka kumbuyo. Ndinacheuka. Anali apongozi, mtolo wa nkhuni zotolatola uli pamutu, matope a kumunda ali mpaka m'mawondo. Nkhuni za kunyumba zinali zitanyowa, ndiye anadzera m'nkhalangomo pochoka kolima.

Ndinaika mbatata pansi. Kuthawa kunali kosatheka, ndinalibe nsapato. Iwo anachita zimene mwambo umafuna. Anapatuka, anatula mtolo, anagwada chapatali atayang'ana kumbali, n'kuomba m'manja pang'onopang'ono.

"Mwaswera bwanji kuntchito kuno, bambo?"

"Ndaswera bwino, amayi. Kaya inu?"

"Ife taswera. Pepanitu, takusokonezani."

Anasenza mtolo wawo n'kumapita. Sanafulumire, sanacheukenso. Ndakhala ndikutukwanidwapo m'moyo mwanga, ndi akapitawo, ndi makondakitala a minibasi, koma palibe chitukwano chinandilowa m'mafupa ngati moni ameneyo.

Tsiku limenelo pasikelo ndinalakwitsa manambala kawiri. Ndinkayembekeza kuti ndikafika kunyumba ndikapeza katundu wanga ali panja ndi ankhoswe ataitanidwa. Sindinapeze chilichonse chotere. Madzi osamba anali pamalo pake. Palibe ananena kanthu, ndipo kukhala chete kumeneko kunandilanda tulo.

M'mawa mwake ndinadzuka, n'kusiya tayi pamsomali, ndinatenga khasu. Ndinalengeza pabwalo, kwa aliyense amene akanamva, kuti a manejala aona kulimbikira kwanga ndipo andipatsa m'mawa wa Lachisanu ndi Loweruka. Taonani munthu: ngakhale polapa ndinafuna kulowa ndi bodza lina. Mkazi wanga anangoti chabwino, n'kundisonyeza khasu lina, poti limene ndinatengalo linali loguluka.

Nditafika kumunda ndinaima kaye. Azimayi awiri aja anali atasosa ndi kuunga mizere pafupifupi theka la munda, n'kudzala chimanga ndi nandolo, china chitayamba kale kumera. Theka linalo linali tchire lokhalokha, lonyowa, lolemera. Ndinalowamo ngati wamisala. Ndinalima masiku awiriwo mpaka matuza anaphulika, ndipo pena pake ndinagwira chitedze n'kudzikanda mpaka kuntchito. Ndinawonjezera mizere isanu ndi iwiri. Inali yokhotakhota, moti ina mkazi wanga anachita kuibwereza pambuyo panga.

Lamulungu titachoka kutchalitchi atsibweni anabwera panjinga yawo. Anali munthu wosakonda mawu ambiri. Tinapita kumunda tonse, ine, mkazi wanga, apongozi, ndi mdzukulu wina uja ndi mwamuna wake, amene anabwera atanyamuliratu khasu paphewa. Atsibweni anayenda m'mbali mwa mizere mpaka pamene inathera, pa mzere wanga womaliza wokhota uja. Anaima, n'kundiyang'ana.

Apa ndinayesa komaliza. Ndinatulutsa kalata ija m'thumba, itafewa ndi mvula ya m'nkhalango. Ndinayamba kufotokoza kuti ndandanda ya kuntchito inasintha mwadzidzidzi, kuti zifukwa zake zili apa zolembedwa, kuti akanatipatsako sabata imodzi yokha. Atsibweni anaoneka ngati akuganizira. Anafunsa mlongo wawo ngati zinalidi choncho.

Apongozi sanandiyang'ane. Analankhula kwa mwana wawo, monga ankachitira nthawi zonse akafuna kuti ine ndimve.

"Chingerezi ine sindichidziwa. Koma manambala ndimawadziwa, ndakhala ndikuwaona pasikelo moyo wanga wonse kuti asandibere makilo. Pepala limenelo m'mbali mwake muli wani, thu, fili, folo. Bambowa anatiwerengera zitatu. Uwapemphe atiwerengereko chachinayicho, atsibweni ako amve nawo."

Atsibweni anatembenukira kwa ine. Ndinamva kamtsinje kakuyenda. Ndikanatha kupeka china, mutu wanga unali utazolowera, koma ndinayang'ana manja a mkazi wanga, amene anali atawapinda pamimba, ndipo bodza linandithera. Ndinawerenga chifukwa chachinayi monga chinalembedwera, kuti komiti inapempha, kuti aliyense apeze m'mawa wolima munda wake. Mawu anga anali aang'ono kwambiri poyerekeza ndi a pabokosi paja. Ndinawonjezera ndekha, osafunsidwa, kuti ine ndinali m'gulu B ndipo m'mawa wonse wa masabata awiriwo ndinali nawo.

Atsibweni sanakalipe. Anathyola nthambi za chinangwa m'munda woyandikana, n'kuyamba kuzizika motsatira mzere wanga womaliza, kuchokera kumtsinje mpaka kunjira. Anati mawu awo anali omwe aja: pali mizere ndi pa mdzukulu wawo uyu, pali tchire ndi pa mdzukulu wawo uyo. Mwamuna wa winayo anatsitsa khasu paphewa n'kuyamba kuyeza ndi mapazi, Lamulungu lomwelo, osachita n'komwe manyazi.

Pobwerera ndinatsalira m'mbuyo ndi mkazi wanga. Ndinamufunsa, mwa uchitsiru wanga, ngati amayi ake anamuuza za m'nkhalango muja. Anati sanamuuze, ndipo sipankafunika. Anandikumbutsa kuti kalata imeneyo ndinaiwerenga ndekha pabokosi pamaso pa amuna a theka la mudzi wathu, ndipo akazi awo anali akusimba za chifukwa chachinayi pachitsime ine ndisanafike n'komwe pakamlatho. Anadziwa kuyambira madzulo oyamba aja, ndikutambasula pepala kuti lilire.

Ndinafunsa chifukwa chimene ankandimangirabe mbale ziwiri tsiku lililonse.

"Ndinkati mwina tsiku lina mukatsegula yachiwiriyo manyazi akugwirani, mubwerera. Koma inu munkabweza zonse zili mbee."

Sanalire, sanakweze mawu. Ine ndi amene misozi inalengeza, ndipo ndinanamizira chitedze.

Ndandanda ija inayenda bwino, ndiyenera kuvomereza. Palibe anadulidwa dzanja dzinja limenelo, ndipo anzanga a gulu B anakolola chimanga chabwino. Masabata a shifiti ya usiku ndinkachoka kufakitale sikisi koloko n'kulunjika kumunda osadzera kunyumba, ndipo m'manja mwanga munalimba mpaka bolopeni inkaoneka ngati kachitsotso. Apongozi anadzandikonda pambuyo pake, mwa njira yawo. Mpaka tsiku limene anatisiya sanatchulepo za nkhalango ija kwa munthu aliyense.

Koma nthambi za chinangwa zija zinaphuka, ndipo chaka ndi chaka zikazulidwa, ena amadzalamo zina pamzere womwewo. Malirewo ndi okhota, chifukwa anatsatira mzere wanga. Munda umene unayenera kukhala wa mkazi wanga wonse, kenako wa ana athu aakazi atatu, ndi kachidutswa kamene chimanga chake chimatha mwezi wa Okutobala usanafike. Mwana wathu woyamba, amene anali m'mimba nthawi imeneyo, anakwatiwa chaka chatha, ndipo titamugawira mbali yake anapeza mizere khumi ndi iwiri. Anaima pamalire, n'kuyang'ana chimanga cha achibale ake kutsidya kwa chinangwa, nandifunsa chifukwa chimene munda wathu unachepera chotere pamene winawo ndi waukulu.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti chaka chimenecho kuntchito kunasintha mashifiti. Amayi ake anali pafupi, ataweramira mzere, ndipo ndinaona khasu lawo litaima m'mwamba, likudikira. Ndinauza mwanayo kuti akhale pansi, nkhani yake ili ndi zifukwa zinayi, ndipo ndiyambira chomaliza.